Lata la aluminiyamu ndi lata la chitsulo: kuwerengera kulemera kwake musanagule

"Ndine wowotcherera zitsulo ku Luwinga kuno ku Mzuzu. Kasitomala wanga akufuna ndimupangire bokosi lotsekeka la pa pikapu, loti azinyamuliramo nsomba kuchokera ku Nkhata Bay. Pakufunika malata osalala asanu ndi limodzi, aliwonse otalika mamilimita 2440, mulifupi mamilimita 1220, okhuthala mamilimita 2. Iyeyo akuti tigule aluminiyamu chifukwa ndi wopepuka, koma ine ndinazolowera chitsulo. Kodi ndingadziwe bwanji kulemera kwa lata lililonse ndisanagule, poti sikelo yaikulu ndilibe? Nanga kusiyanako n'kokwanira kuti munthu alowetsepo ndalama zochuluka?"

Bambo, mtima ukhale m'malo, chifukwa sikelo yaikulu si yofunika pa ntchito imeneyi. Tepi yopimira, foni yokhala ndi kakyuleta, ndi manambala awiri oti muwasunge pamtima ndi zokwanira kukupatsani yankho loyandikira kwambiri zimene sikelo ikanakuuzani. Ndiyambe ndi kukupatsani zotsatira zake kuti muzidziwa kumene tikupita: lata lanu la chitsulo lilemera makilogalamu pafupifupi 46.7, pomwe la aluminiyamu la miyeso yomweyo lilemera makilogalamu pafupifupi 16.1. Choncho kasitomala wanu sakunama. Komabe pali mfundo ina imene iye sanaione, ndipo ndiifotokoza tikatha kuwerengera, popeza ndi imene idzasonyeze ngati bokosilo lidzapepukedi monga momwe akuyembekezera.

Chimene chimasiyanitsa malata awiriwa ndi densite, kutanthauza kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi malo amene chinthucho chadzaza. Madzi okwana lita imodzi amalemera kilogalamu imodzi. Mutati mutenge aluminiyamu wodzaza malo a lita imodzi, wopanda mphako m'kati, angalemere makilogalamu 2.7, ndipo chitsulo wamba chimene mumawotcherera tsiku ndi tsiku chingalemere makilogalamu 7.85 pa malo omwewo. M'mabuku a zomangamanga manambalawa amalembedwa pa kiyubiki mita imodzi, yomwe ndi malita 1000, ndiye mudzapeza kuti aluminiyamu ndi makilogalamu 2700 ndipo chitsulo ndi makilogalamu 7850. Chifukwa chake chili m'maatomu. Atomu ya chitsulo imalemera kuwirikiza kawiri ndi pang'ono kuposa ya aluminiyamu, ndiponso maatomu a chitsulo amakhala othithikana kwambiri, moti pa malo ofanana amakwanapo ochuluka. Zinthu ziwirizi zikaphatikizana, chitsulo chimalemera kuwirikiza ka 2.9. Anthu amangoti katatu, ndipo pokambirana n'zokwanira, koma polemba mtengo wa ntchito ndi bwino kugwiritsa ntchito 2.9.

Tsopano tiwerengere lata lanulo. Lamulo lake ndi ili:

kulemera = utali × mulifupi × kukhuthala × densite

Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi chakuti miyeso yonse itatu ikhale m'mamita, popeza densite taipatsa pa kiyubiki mita. Mamilimita 2440 ndi mamita 2.44, mamilimita 1220 ndi mamita 1.22, ndipo mamilimita 2 ndi mamita 0.002. Mukachulukitsa utali ndi mulifupi mupeza masikweya mita 2.977, ndipo mukachulukitsanso ndi kukhuthala mupeza voliyumu ya makiyubiki mita 0.005954. Kunena mwachidule, lata lonselo mutalisungunula lingakwane malita ochepera pang'ono pa asanu ndi limodzi. Voliyumu imeneyi ndi imodzimodzi pa malata onse awiri, chifukwa miyeso yawo ndi yofanana, ndipo chotsala ndi kungoichulukitsa ndi densite ya lililonse.

chitsulo: 0.005954 × 7850 = 46.7 kg

aluminiyamu: 0.005954 × 2700 = 16.1 kg

Lata la chitsulo likungotsala pang'ono kufika pa thumba la chimanga la makilogalamu 50, n'chifukwa chake mumafuna mnzanu wogwirizira mukamalitsitsa m'galimoto, pomwe la aluminiyamu munthu mmodzi amalinyamula bwinobwino ngati mphepo siikuwomba.

Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza amisiri kuwerengera zipangizo, ndaona kuti ambiri salakwitsa lamuloli, koma amalakwitsa pa maziro a kukhuthala. Munthu amalemba 0.02 m'malo mwa 0.002 n'kupeza makilogalamu 467, kapena amalemba 2 osasintha n'kupeza matani ambirimbiri. Pa chifukwa chimenechi ndimakonda kuphunzitsa njira yachidule imene siifuna maziro amenewo. Sikweya mita imodzi ya lata lokhuthala milimita imodzi imakhala ndi voliyumu ya lita imodzi ndendende. Izi zikutanthauza kuti imalemera makilogalamu 7.85 ngati ndi chitsulo, ndipo makilogalamu 2.7 ngati ndi aluminiyamu. Ndiye mungochulukitsa masikweya mita ndi mamilimita a kukhuthala, kenako ndi 7.85 kapena 2.7. Pa lata lanu, 2.977 × 2 × 7.85 ikupereka 46.7, ndipo 2.977 × 2 × 2.7 ikupereka 16.1, monga tapeza poyamba paja. Popeza malata a 2440 ndi 1220 ndi amene mumagula kawirikawiri, mutha kulemba pakhoma la shopu yanu kuti milimita iliyonse ya lata lotere imalemera makilogalamu 23.4 pa chitsulo ndi makilogalamu 8 pa aluminiyamu. Mukatero, lata la chitsulo la mamilimita 3 mudziwa nthawi yomweyo kuti ndi makilogalamu 70, ndipo la aluminiyamu ndi 24.

Malata onse asanu ndi limodzi akaphatikizidwa, achitsulo afika makilogalamu 280 ndipo a aluminiyamu afika makilogalamu 96. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 184. Pa pikapu yololedwa kunyamula tani imodzi kapena kucheperapo, amenewa si makilogalamu oti n'kuwanyozera, chifukwa kilogalamu iliyonse imene bokosi latenga yachotsedwa pa nsomba ndi madzi oundana amene galimoto ingathe kunyamula. Msewu wochokera ku Nkhata Bay kubwera ku Mzuzu ndi wachikweza, popeza nyanja ili pansi kwambiri ndipo mzinda wathu uli pamtunda wa mamita oposa 1200 kuchokera pamwamba pa nyanja yaikulu, choncho galimoto imakoka kulemera konseko pa ulendo uliwonse, ndipo pobwerera kunyanja bokosi lopanda katundu limalemetsabe mabuleki potsetsereka.

Apa ndi pamene pali mfundo ija ndinalonjeza. Kuyerekeza malata a miyeso yofanana kumakuuzani kulemera kokha, sikukuuzani kuti malatawo adzagwira ntchito mofanana. Aluminiyamu amagonja msanga kusiyana ndi chitsulo. Mukaika malata awiriwa pa zogwirizira zofanana n'kusenzetsa lililonse katundu wofanana, la aluminiyamu lidzabwafuka kuwirikiza pafupifupi katatu. Akatswiri amayeza kuuma kumeneku ndi nambala imene pa chitsulo imakhala pafupifupi magigapasikali 200 mpaka 210, pomwe pa aluminiyamu ndi pafupifupi 70. Chodabwitsa ndi chakuti ngakhale mutagula aluminiyamu wa mtundu wolimba ndi wodula, nambala imeneyi siisintha kwenikweni. Mtundu wolimbawo umachedwa kupindikiratu kapena kung'ambika, koma umagonja mofanana ndi mnzake wofewa katundu akangoukhudza. Ndiye ngati mutangochotsa lata la chitsulo la mamilimita 2 n'kuikapo la aluminiyamu la mamilimita 2 popanda kusintha china chilichonse, pansi pa bokosi padzayamba kubwafuka pakati pa machubu, madzi a nsomba azidzaima m'malo obwafukawo, ndipo makoma azidzagwedezeka ndi kuchita phokoso galimoto ikamadutsa pa mabampu.

Mwayi wake ndi wakuti kuuma kwa lata kumakwera mofulumira kwambiri mukawonjezera kukhuthala. Sikukwera molingana ndi kukhuthalako, koma molingana ndi kukhuthala kochulukitsidwa katatu mwa iko kokha. Lata lokhuthala kawiri limauma kasanu ndi katatu, chifukwa 2 × 2 × 2 ndi 8. Kuti aluminiyamu afanane ndi chitsulo tikufuna kuuma kuwirikize katatu kokha, ndipo nambala imene mukaichulukitsa katatu mwa iyo yokha imapereka 3 ndi pafupifupi 1.44. Choncho lata la aluminiyamu lofanana kuuma ndi la chitsulo la mamilimita 2 liyenera kukhuthala mamilimita 2.9, ndipo pamsika mudzagula la mamilimita 3. Lata limenelo limalemera makilogalamu 24.1. Mukaliyerekeza ndi makilogalamu 46.7 a chitsulo, muona kuti kupepuka kwenikweni ndi pafupifupi theka, osati gawo limodzi mwa magawo atatu. Malata asanu ndi limodzi a mamilimita 3 afika makilogalamu 145, ndipo mwapulumutsa makilogalamu 135 m'malo mwa 184 aja. Ndi phindu lalikulube, koma kasitomala ayenera kumva nambala imeneyi asanatulutse ndalama, kuti asadzakudandaulireni pambuyo pake.

Njira ina ndi kusunga aluminiyamu wa mamilimita 2 koma kuyandikizanitsa machubu amene lata likutsamirapo. Katundu akakhala wofalikira ponseponse, monga nsomba ndi madzi oundana zimakhalira, kubwafuka kumachepa kwambiri mukafupikitsa mpata wa pakati pa machubu. Mwachitsanzo, ngati pa chitsulo mukanasiya mamilimita 600 pakati pa chubu ndi chubu, mpata wa mamilimita 450 ungapangitse aluminiyamu wa kukhuthala komweko kubwafuka mofanana ndi chitsulo chija. Kungoti machubu owonjezerawo nawonso ali ndi kulemera kwawo, ndipo muyenera kuwaika m'masamu anu. Maganizo anga ndi akuti musagwiritse ntchito kukhuthala kumodzi ponseponse. Pansi ndi pa chitseko, pamene pamagundidwa ndi mabeseni ndi mapazi a anthu, ikani mamilimita 3, ndipo pa makoma ndi padenga, pamene sipasenza katundu weniweni, mamilimita 2 ndi okwanira ngati felemu yake ili yabwino. Malata awiri a mamilimita 3 ndi makilogalamu 48.2, anayi a mamilimita 2 ndi makilogalamu 64.3, ndipo onse pamodzi ndi makilogalamu pafupifupi 113.

Musaiwalenso kuti bokosi si malata okha. Ngati felemu mudzaipanga ndi machubu achitsulo, monga amisiri ambiri amachitira, kulemera kwake kudzakhala chimodzimodzi kaya mwaikuta ndi chiyani. Tingoyerekeza kuti felemu, mahinjesi ndi maloko zikulemera makilogalamu 100, ngakhale nambala yeniyeni mudzaipeza nokha mukawerengera machubu anu. Bokosi la chitsulo chokhachokha lingafike makilogalamu 380, ndipo lokutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza uja lingafike makilogalamu 213. Makilogalamu opulumutsidwa ndi 167, ndipo imeneyi ndiyo nambala yoyenera kuika patsogolo pa kasitomala, chifukwa ndi imene galimoto yake idzaimve. Mawu akuti aluminiyamu ndi wopepuka katatu ndi oona pa lata ndi lata, koma pa bokosi lathunthu saona.

Tsopano tikambe za kumene masamu ndi katundu weniweni zimasemphana, chifukwa manambala onsewa akudalira kuti lata limene mwagula ndi lomwe mwauzidwa. Choyamba pimani utali ndi mulifupi, popeza malata osalala sabwera m'miyeso imodzi. Alipo a 2440 ndi 1220, alipo a 2400 ndi 1200, ndipo aluminiyamu nthawi zambiri amabweranso wa 2500 ndi 1250. Lata la 2500 ndi 1250 lili ndi masikweya mita 3.125, moti pa mamilimita 2 lingalemere makilogalamu 16.9 ngati ndi aluminiyamu ndi 49.1 ngati ndi chitsulo. Pamaso malatawa amaoneka ofanana, koma mukayerekeza mitengo osapima mungaganize kuti wina akukudulitsani pomwe akukupatsani lata lalikulupo.

Kukhuthala ndi kumene kumavuta kwambiri, chifukwa diso silingasiyanitse mamilimita 2 ndi 1.8. Kusiyana kwa mamilimita 0.2 kumaoneka kochepa, komatu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a chitsulo chonse chimene mwalipira. Lata la chitsulo la mamilimita 1.8 limalemera makilogalamu 42.1 m'malo mwa 46.7, ndipo kuuma kwake kumatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi, chifukwa cha lamulo lochulukitsa katatu lija. Pitani ndi veniya kogula, ndipo pimani malo angapo, molowa m'kati pang'ono osati m'mphepete mwenimweni, poti m'mphepete mumakhala kamlomo kotsala podula kamene kamanamiza muyeso. Ngati pamalopo pali sikelo, mutha kutembenuza masamu athu aja kuti akuuzeni kukhuthala kwenikweni. Gawani kulemera kwa lata la 2440 ndi 1220 ndi 23.4 ngati ndi chitsulo, kapena ndi 8 ngati ndi aluminiyamu, ndipo yankho lake ndi mamilimita. Lata la aluminiyamu limene mwauzidwa kuti ndi la mamilimita 2 likalemera makilogalamu 12.9, dziwani kuti mwapatsidwa la mamilimita 1.6. Kusiyana kwakung'ono, kwa magawo awiri kapena atatu pa magawo zana, n'kwachibadwa popeza fakitale siitulutsa malata ofanana ndendende, koma kusiyana kwa gawo limodzi mwa magawo khumi ndi chizindikiro chakuti lata ndi la kukhuthala kwina.

Chenjeraninso ndi manambala a geji. Ambiri amaganiza kuti geji 16 ndi kukhuthala kumodzi pa zitsulo zonse, koma si choncho ayi. Pa ndondomeko ya ku Amereka, geji 16 ya chitsulo ndi mamilimita pafupifupi 1.5, pomwe geji 16 ya aluminiyamu ndi mamilimita pafupifupi 1.3, ndipo pa ndondomeko yakale ya ku Britain geji 16 ndi mamilimita pafupifupi 1.6. Munthu amene wayerekeza malata awiri a geji imodzi akhoza kukhala akuyerekeza zinthu zosafanana kukula, ndipo masamu ake onse amasokonekera pomwepo. Funsani ndi kulemba m'mamilimita nthawi zonse. Chimodzimodzinso ndi malata okhala ndi timizere totukuka toletsa kuterereka, amene anthu amakonda kuika pansi pa bokosi. Kukhuthala kolembedwa kawirikawiri sikuwerengera timizereto, choncho lata lotere limalemera kuposa zimene lamulo lathu likupereka, ndipo ndi bwino kufunsa wogulitsa kulemera kwa lata limodzi.

Pali funso lina limene anthu amachita nalo manyazi kufunsa, lakuti adziwe bwanji ngati lata lonyezimira ndi aluminiyamu weniweni. Malata achitsulo okutidwa ndi zinki, komanso aja okutidwa ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu amene ambiri amafolera nyumba, amaoneka oyera mbuu ngati aluminiyamu, koma m'kati mwake ndi chitsulo ndipo kulemera kwawo muziwerengera pa 7.85. Chokutiracho ndi chopyapyala kwambiri. Ngakhale zinki wokwanira magalamu 275 pa sikweya mita, amene ndi wochuluka ndithu, amangolemera magalamu pafupifupi 800 pa lata ngati lanuli. Maginito amakuthandizani apa, chifukwa amakakamira pa chitsulo chokutidwa koma pa aluminiyamu amagwa. Komabe maginito okha sakwanira, popeza chitsulo chosachita dzimbiri cha mtundu wa 304 nachonso kawirikawiri sichikoka maginito, chonsecho chimalemera kuposa chitsulo wamba pang'ono, makilogalamu pafupifupi 47 pa lata lanu. Densite ndi imene imathetsa mkangano. Dulani kachidutswa ka mamilimita 100 mbali zonse pa lata la mamilimita 2 n'kukaika pa sikelo yaing'ono yoyezera magalamu. Aluminiyamu aonetsa magalamu 54, pomwe chitsulo chionetsa magalamu 157 kapena kupitirira pang'ono, ndipo manambala awiriwa ndi otalikirana moti simungawasokoneze.

Mungamvenso kuti aluminiyamu ali ndi mitundu yambiri, yolembedwa ndi manambala monga 1050, 5052 kapena 6061. Mitunduyi imasiyana kwambiri pa kulimba ndi pa kupindika kwake, koma pa kulemera imayandikana, chifukwa yambiri imakhala pakati pa 2.66 ndi 2.8. Pa kuwerengera kulemera kwa bokosi, 2.7 ndi yokwanira. Pa kusankha, mitundu yoyamba ndi nambala 5 ndi imene imapirira bwino pa chinyezi, ndipo n'chifukwa chake imagwiritsidwa ntchito popanga maboti, pomwe 1050 ndi wofewa ndipo amatiwanizika msanga akagundidwa.

Pa nkhani ya ndalama, masamu omwewa angakuthandizeni ngati wogulitsa akutchula mtengo pa kilogalamu. Aluminiyamu ndi wodula kwambiri pa kilogalamu kusiyana ndi chitsulo, koma mukugula makilogalamu ochepa. Pa malata a kukhuthala kofanana, mitengo ya lata ndi lata ingafanane ngati kilogalamu ya aluminiyamu ili yodula ka 2.9 kuposa ya chitsulo. Pamene mukuika aluminiyamu wa mamilimita 3 m'malo mwa chitsulo cha mamilimita 2, malirewo amatsika kufika pa 1.9, popeza 46.7 kugawa ndi 24.1 ndi 1.9. Mtengo ukapitirira pamenepo, ndiye kuti mukulipirira kupepuka. Tengani mitengo ya tsiku limenelo, pezani ndalama zowonjezera zimene aluminiyamu akufuna, ndipo muzigawe ndi makilogalamu 167 aja. Mudzapeza mtengo wa kilogalamu iliyonse yopulumutsidwa, ndipo kasitomala, amene akudziwa phindu limene amapeza pa kilogalamu ya nsomba ndi maulendo amene amayenda pa mwezi, angathe kuona yekha kuti ndalamazo zidzabwerera liti. Muikeponso mfundo yakuti aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira ndipo safuna penti m'kati, zomwe ndi zabwino pa bokosi lonyamula chakudya chonyowa, pomwe chitsulo wamba m'nyengo ya mvula ya kuno, chikamanyowanso ndi madzi a nsomba, chimafuna kupentedwa mobwerezabwereza. Ine ndikanakhala inu, pa ntchito ya nsomba ndikanasankha aluminiyamu, pokhapokha ngati mtengo wake uli wosafikirika.

Koma musanavomere ntchitoyi, lingalirani za zida zimene muli nazo. Makina wamba owotcherera ndi ndodo, amene mumagwiritsa ntchito pa mageti ndi mafelemu a mawindo, sapereka ntchito yabwino pa lata la aluminiyamu lopyapyala chonchi. Pamafunika makina ogwiritsa ntchito gasi wa agoni, ndiponso dzanja lozolowera, chifukwa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 ndipo safiira asanasungunuke, moti munthu wozolowera chitsulo amangozindikira lata labooka. Aluminiyamu sawotchereredwanso ku felemu ya chitsulo ndi makina a mu shopu. Njira yoyenera inuyo ndi kumanga felemu yachitsulo monga mwa nthawi zonse, kuipenta bwino, kenako n'kukhomerera malatawo ndi maliveti. Pamene aluminiyamu akhudzana ndi chitsulo pali madzi, makamaka madzi okhala ndi mchere, aluminiyamu ndi amene amadyeka, ndipo chizindikiro chake ndi kaufa koyera ndi timabowo pozungulira maliveti. Ikani penti wokwanira ndi kampira kopyapyala kapena chomatira choletsa madzi pakati pa lata ndi chubu, ndipo siyani kabowo kotulutsira madzi pamalo otsika kwambiri a pansi pa bokosi.

Masamu a kulemera mutha kuwachita nokha ndi kuwakhulupirira. Pamene muyenera kufunsa injiniya kapena mmisiri wodziwa kumanga mabodi a galimoto ndi pa zinthu zosenza katundu: ngati mukufuna kuti felemu nayonso ikhale ya aluminiyamu, ngati pansi pa bokosi sipadzakhala pa bodi ya pikapu koma padzasenza katundu pa okha, kapena ngati denga lidzanyamula katundu wina pamwamba. Aluminiyamu amafowoka pafupi ndi pamene pawotchereredwa ndipo amachita ming'alu akamagwedezeka nthawi yaitali, zinthu zimene densite siingakuuzeni. Mupemphenso kasitomala kuti aone kulemera konse kumene galimoto yake imaloledwa kukhala nako, komwe kumalembedwa pa kachitsulo ka wopanga galimoto ndi m'mapepala ake, ndiponso afunse ku ofesi yoona za pamsewu ngati bokosi lotere likufuna chilolezo. Akachotsa pa nambala imeneyo kulemera kwa galimoto yopanda katundu, kwa anthu okweramo ndi kwa bokosi limene mwawerengera, chotsalacho ndicho nsomba ndi madzi oundana amene angalongedze, ndipo bokosi likatha ndi bwino apite nayo galimotoyo pa sikelo yoyezera magalimoto kuti atsimikize nambalayo asanayambe maulendo a kunyanja.